Kusankha makasitomala oti tiwatumikire: zolemba za ntchito pa bizinesi yochapa zovala

Sabata yoyamba

Eni ake a bizinesi yochapa ndi kusita zovala imene ndimailembera mabuku a ndalama andipempha kuti ndiwathandize pa funso limene lawasowetsa tulo kwa chaka chathunthu, lakuti n'chifukwa chiyani antchito awo sapuma tsiku lonse koma ndalama zotsala mwezi ukatha sizikuwonjezeka. Bizinesiyi ili ndi makina ochapira awiri, makina oumitsira amodzi, anthu atatu osita ndiponso mnyamata wa njinga yamoto amene amakatenga ndi kubweza katundu. Nditawafunsa kuti makasitomala awo ndi ndani, anayankha kuti ndi aliyense amene ali ndi chovala chakuda, ndipo ndikuona kuti vuto lagona m'yankho limeneli.

Ntchito imene tayamba ndi yogawa msika m'magulu, ndiko kuti kuika pamodzi ogula amene amafuna chinthu chofanana pa chifukwa chofanana, kenako n'kusankha gulu limene bizinesi ingalitumikire bwino kuposa anzake. Maganizowa anawalongosola bwino katswiri wa zamalonda wa ku America, Wendell Smith, mu 1956, pamene analemba kuti msika umene umaoneka ngati umodzi umakhala misika ingapo ing'onoing'ono yokhala ndi zofuna zosiyana.

Ndatenga buku la malisiti la miyezi itatu yapitayi, momwe muli maoda ochokera kwa makasitomala 150. Poyamba ndinayesa kuwagawa motsatira zaka zawo, ngati ndi amuna kapena akazi, ndi dera limene amachokera, popeza zimenezi ndi zosavuta kudziwa. Ndinataya masiku awiri pa zimenezi ndipo sizinandiuze chilichonse chogwirira ntchito, chifukwa mayi wa zaka 40 amene amabweretsa mabulangete kawiri pa chaka ndi mayi wa zaka 40 amene ali ndi saluni ndipo amafuna matawulo tsiku ndi tsiku anagwera m'gulu limodzi, chonsecho palibe chimene tingawachitire mofanana. Gulu limakhala la ntchito pokhapokha ngati anthu a mkati mwake angayankhe mofanana tikasintha mtengo, nthawi yobwezera katundu kapena uthenga wathu, ndiponso ngati a m'gulu lina angayankhe mosiyana.

Sabata yachiwiri

Ndayambiranso, ndipo ulendo uno ndafunsa mafunso atatu pa lisiti iliyonse: anabweretsa chiyani, amabwera kangati, nanga chinamuchititsa kubwera n'chiyani. Funso lachitatuli silimalembedwa m'buku, choncho ndinakhala pansi ndi mayi wolandira zovala pakauntala, amene amawadziwa pafupifupi onse, ndipo tinadutsa dzina ndi dzina. Patuluka magulu anayi.

Gulu lalikulu pa chiwerengero ndi la anthu 90 a m'makomo amene amabwera mwa apo ndi apo, makamaka ndi mabulangete, makatani ndi zinthu zina zolemera zimene zimavuta kuchapa pamanja. Gulu lachiwiri ndi la anthu 40 ogwira ntchito m'maofesi, amene amabweretsa malaya ndi mathalauza sabata iliyonse ndipo amafuna zositidwa mosamala. Lachitatu ndi la mabizinesi asanu ndi atatu, kuphatikizapo nyumba zogona alendo ndi masaluni, amene amatumiza nsalu zoyala pabedi ndi matawulo. Lomaliza ndi la anthu 12 amene anabwera ndi zovala zapadera monga masuti ndi madiresi a ukwati.

Eni ake atangoona magawowa ananena kuti makasitomala awo enieni ndi a m'maofesi ndi a zovala zapadera, chifukwa ndiwo amalipira kwambiri pa chovala chimodzi ndipo ndiwo amawapatsa dzina labwino. Sindinawatsutse, koma ndinawapempha kuti adikire sabata imodzi kuti tiwerengere kaye.

Sabata yachitatu

Sabata ino ndiyo yatidya nthawi yambiri, ndipo ndilemba mwatsatanetsatane kuti ndikadzabwereza ntchitoyi ndisadzaiwale m'mene ndinawerengera.

Ndinayamba ndi ndalama zolowa. Pa magawo 100 alionse a ndalama zimene bizinesi imalandira, a m'makomo amabweretsa 25, a m'maofesi 30, mabizinesi 35, ndipo a zovala zapadera 10. Koma ndalama zolowa sizisonyeza phindu, choncho ndinachotsa zimene gulu lililonse limatidyera mwachindunji: sopo, madzi, magetsi, mafuta a njinga, kuchapanso zimene kasitomala wadandaula, ndi chipukuta misozi pa chovala chowonongeka. Lendi ndi malipiro a antchito sindinazichotse, chifukwa zimenezi timalipira mofanana kaya tasankha gulu liti. Zotsala zake zinali motere: a m'makomo 15, a m'maofesi 20, mabizinesi 20, ndipo a zovala zapadera 6, popeza m'miyezi itatuyo tinalipira diresi limodzi limene linapsa ndi simbi.

Mpaka apa eni ake anali kumwetulira, chifukwa a m'maofesi anafanana ndi mabizinesi. Chimene chinasintha zonse ndi funso lakuti chinthu choperewera kwambiri pa bizinesiyi n'chiyani. Makina ochapira amakhala osagwira ntchito masana ambiri, koma mulu wa zodikira kusita sutha. Anthu atatu osita, aliyense maola 40 pa sabata, amatipatsa maola 120 basi, ndipo ola limene tapereka kwa gulu limodzi talilanda gulu lina. Ndinapempha ositawo kuti kwa masiku asanu ndi limodzi azilemba nthawi yoyambira ndi yomalizira mtolo uliwonse, ndipo ndinayamba ndawatsimikizira kuti sitikufufuza amene amachita ulesi, apo ayi akanalemba zotikondweretsa. Zinapezeka kuti a m'makomo amatenga maola 30, a m'maofesi 48, mabizinesi 24, ndipo zovala zapadera 18.

Tsopano ndinagawa zotsala zija ndi maola, ndipo kuti manambala asavute ndinawerengera pa maola 12 alionse. A m'makomo amasiya magawo 6, a m'maofesi 5, a zovala zapadera 4, pamene mabizinesi amasiya 10. Chifukwa chake chimaoneka ukangoima pafupi ndi tebulo lositira: malaya ali ndi kolala, manja ndi mabatani ozilambalala, pamene nsalu yoyala pabedi ndi yafulati, ndipo tawulo salisita n'komwe, amangolipinda. Gulu limene eni ake ankalinyadira kwambiri, la masuti ndi madiresi, ndilo limatipatsa zochepa kuposa onse pa ola lililonse.

Ndiyenera kulemba malire a mawerengedwe amenewa. Masiku asanu ndi limodzi ndi ochepa, ndipo diresi lija lapsa kamodzi kokha, moti mwezi wina gulu lachinayi lingathe kuoneka bwinoko. Ndinawerengeranso ngati kuti diresilo silinapse, ndipo gululo linangofika pamene pali a m'maofesi, osayandikira mabizinesi. Kusiyana kwa 10 ndi 5 n'kwakukulu mokwanira kuti kulakwitsa pang'ono polemba maola sikungakufafanize.

Sabata yachinayi

Eni ake anafuna kuti mawa lake tiyambe kuyendera nyumba zonse zogona alendo, koma ndinawaletsa, chifukwa nditayang'anitsitsa gulu la mabizinesi ndinaona kuti ndi magulu awiri amene ndinawaphatikiza molakwa. Nyumba zogona alendo zitatu zimabweretsa magawo 25 mwa 35 aja, ndipo imodzi yokha imabweretsa 15. Zimatumiza nsalu zofunika kusita, zimalipira patatha masiku 30 kapena kuposerapo, ndipo nthawi zonse zimapempha kuti tizitsitsire mtengo ponena kuti kampani yaikulu yokhala ndi makina a mafakitale ingazichapire motchipa. Pa mfundo imeneyo zikunena zoona, ndipo pa mpikisano wa mtengo sitingapambane. Masaluni asanu, kuphatikizapo ometa tsitsi, amabweretsa magawo 10 okha, koma amatenga maola 6 basi mwa 24 aja ndipo amalipira sabata iliyonse. Nditawalekanitsa, nyumba zogona alendo zimasiya pafupifupi magawo 9 pa maola 12, pamene masaluni amasiya 14.

Gulu lisanasankhidwe liyenera kuyesedwa ngati lingawerengeke, ngati ndi lalikulu mokwanira, ndiponso ngati tingalifikire. Mnyamata wa njinga anayenda dera lonse limene angafike mkati mwa theka la ola ndipo anawerenga malo 21 ogwiritsa ntchito matawulo tsiku lililonse, monga masaluni, ometa tsitsi ndi malo ochitira masewera olimbitsa thupi. Asanu ndi athu kale, ndiye kuti atsala 16, ndipo onse ali ndi zikwangwani pamsewu, moti sitifunika kulipira zotsatsa malonda kuti tiwapeze. Anawerenganso zipatala zazing'ono, koma ndazichotsa, chifukwa nsalu za kuchipatala zimafuna kachapidwe kapadera kophera tizilombo ndiponso kuzipatula ku zovala zina, zimene ife tilibe malo ake.

Pa kukula kwa gulu ndi pamene tiyenera kudziletsa. Saluni imodzi imabweretsa magawo awiri, choncho tikapeza khumi mwa 16 otsalawo, zimene kwa ine ndi chiyembekezo chokwera kale, tidzawonjezera magawo 20 a ndalama zolowa pogwiritsa ntchito maola 12. Zimenezi ndi zabwino kwambiri poyerekeza ndi zovala zapadera zimene zimadya maola 18 n'kusiya 6, koma sizingadyetse bizinesi yonse. Tagwirizana kuti malo ang'onoang'ono a matawulo akhale gulu lotsogola limene dongosolo la tsiku lizitsatira, a m'maofesi ndi a m'makomo tiziwatumikirabe koma pa nthawi imene ife taika, nyumba zogona alendo tisunge zimene tili nazo osafunafuna zina, ndipo zovala zapadera tisiye.

Sabata yachisanu

Kusankha gulu kumangoyankha funso lakuti tikufuna ndani. Funso lotsatira ndi lakuti iwowo adzatikumbukira ndi chiyani akamatiyerekeza ndi ena. Al Ries ndi Jack Trout, amene anatchukitsa nkhaniyi m'zaka za m'ma 1970 ndiponso m'buku lawo la mu 1981, anatsindika kuti malo a bizinesi amakhala m'maganizo a wogula, ndipo wogula amasunga chinthu chimodzi kapena ziwiri zokha za bizinesi iliyonse.

Ine ndi eni ake tinacheza ndi eni malo khumi ndi mmodzi, asanu athu ndi asanu ndi mmodzi amene satichapitsa. Ndinawapempha eni ake kuti asafunse kuti "mungakonde titakuchitirani chiyani", chifukwa munthu aliyense amayankha kuti mutsitse mtengo. M'malo mwake tinkafunsa kuti atiuze za tsiku lomaliza limene matawulo anawavutitsa. Mayi wina wa saluni anatiyankha kuti, "Loweruka lapitali ndinabweza makasitomala awiri nthawi ya masana, bambo, chifukwa matawulo onse anali pachingwe osauma." Ena anadandaula kuti amatumiza matawulo 40 n'kubwerako 37, ndipo ena anatchula fungo la chinyezi limene kasitomala amalimva tawulo likamukhudza kumaso. Mwa anthu khumi ndi mmodziwo, awiri okha ndi amene anayamba ndi nkhani ya mtengo.

Tinaphunziranso kuti wopikisana nafe weniweni si kampani yaikulu ija, chifukwa imeneyo siitumiza galimoto kukatenga kathumba ka matawulo 30. Wopikisana nafe ndi wantchito wa m'saluni momwemo amene amachapa pamanja madzulo ndi kuyanika kuseri. Ndinajambula mizere iwiri yopingasana papepala, wina wosonyeza kukula kwa mtolo umene wochapa amalandira, wina wosonyeza kudalirika kwa nthawi yobwezera. Kampani yaikulu inakhala pa mitolo ikuluikulu ndi nthawi yodalirika, kuchapa okha kunakhala pa mitolo ing'onoing'ono ndi nthawi yodalira dzuwa, ndipo ngodya ya mitolo ing'onoing'ono yobwera pa nthawi yake inali yopanda munthu. Ngodya yopanda munthu nthawi zina imatanthauza kuti palibe amene akuifuna, koma apa tinali titamva kale madandaulo ndi makutu athu.

Chiganizo choyamba chimene eni ake analemba chinali chakuti "Timachapa bwino, mwachangu ndiponso motchipa." Ndinawafunsa ngati pali wochapa wina amene angalembe kuti amachapa moipa, mochedwa ndiponso modula, ndipo anaseka. Mawu amene aliyense angawanene sakupatsa malo alionse. Titayesa kanayi tinafika pa chiganizo chimene chikutchula amene tikumutumikira, vuto lake, lonjezo lathu ndi umboni wake: "Kwa eni masaluni ndi malo ena amene sangagwire ntchito popanda matawulo, timatenga m'mawa n'kubweza m'mawa wa tsiku lotsatira la ntchito, ouma ndiponso okwana, chifukwa aliyense ali ndi thumba lakelake ndi lisiti yowerengera pamaso pake." Chiganizo chonsechi ndi cha ife eni, chotithandiza posankha zochita, ndipo pa njinga ndi pamatumba tangolembapo kuti "Lero tatenga, mawa tabweza, onse okwana."

Sabata yachisanu ndi chimodzi mpaka yachisanu ndi chinayi

Tinayesa lonjezoli kwa masabata anayi ndi makasitomala asanu ndi mmodzi, asanu akale ndi mmodzi watsopano, tisanalengeze kwa ena. Aliyense tinamupatsa matumba awiri a mtundu wakewake, ndipo lamulo linali lakuti matawulo a anthu awiri asalowe m'makina nthawi imodzi. Lamuloli limatidyera madzi ndi magetsi pamene mtolo uli wochepa, komabe ndilo lokha limene likutsimikizira mawu akuti "okwana". Makasitomala asanu ndi mmodzi, masiku asanu ndi limodzi pa sabata, kwa masabata anayi, ndiye kuti tinabweza katundu maulendo 144. Tinafika pa nthawi yake maulendo 131 ndipo tinachedwa maulendo 13, pamene chiwerengero cha matawulo chinasokonekera kawiri kokha.

Maulendo 13 amenewa andiphunzitsa zambiri kuposa 131 aja. Asanu ndi anayi anachitika Lachiwiri m'mawa. Masaluni amagwira ntchito kwambiri Loweruka, ena amatsegulanso Lamulungu pamene ife tatseka, choncho thumba la Lolemba limakhala lodzaza kuwirikiza kawiri, ndipo tawulo ndi lokhuthala, limachedwa kuuma kuposa malaya. Ndinalakwitsa poganiza kuti choperewera chidzakhalabe maola a osita. Titasintha gulu lotsogola, choperewera chinasamukira ku makina oumitsira amodzi aja, ndipo mawerengedwe anga a sabata yachitatu sanali kuona zimenezi. Pakadali pano takonza kuti mnyamata wa njinga azikatenganso Loweruka madzulo, kuti theka la mtolo liziuma Lolemba lisanafike.

Maulendo anayi otsalawo anachitika tsiku limodzi. Kasitomala wakale anabwera Lachinayi ndi masuti asanu ofunika mawa lake, ndipo eni ake anachita manyazi kumukana. Anthu awiri osita anasiya zonse, matawulo anakhala m'makina osapindidwa, ndipo njinga inanyamuka mochedwa. Sindikuwadzudzula, chifukwa kukana munthu amene wakhala akukuchapitsa kwa zaka n'kovuta, makamaka ali ndi ndalama m'manja. Koma ndinawaonetsa kuti ndalama za masuti asanuwo zinali zochepa poyerekeza ndi zimene saluni imodzi imabweretsa pa mwezi, ndipo tsikulo tinakhumudwitsa masaluni anayi. Tapangana ndi wochapa wina wodziwa zovala zapadera kuti tiziwalozera kumeneko, kuti wolandira pakauntala akhale ndi chonena chaulemu m'malo mongokana.

Kwa a m'maofesi tinaika masiku awiri olandirira zovala, Lachiwiri ndi Lachisanu, ndi kubweza patatha masiku atatu, ndipo amene akufuna za tsiku lomwelo azilipira zowonjezera. Asanu ndi awiri mwa 40 aja sanabwerenso. Eni ake anakhumudwa, koma ambiri mwa ochokawo anali omwe ankabwera madzulo n'kufuna malaya m'mawa, ndipo maola awo ndi amene tikuwagwiritsa ntchito tsopano popinda matawulo.

Sabata yakhumi

Njira yodziwira ngati malo amene tasankha akhazikika m'maganizo a anthu ndi kumva mawu amene iwo eni amagwiritsa ntchito. M'masabata awiri omalizawa kwabwera makasitomala anayi atsopano amene sitinawayendere, ndipo wolandira pakauntala anafunsa aliyense kuti anamva zotani za ife. Atatu anati anamva kuti timabweza matawulo mawa lake, ndipo mmodzi anati anamva kuti ndife otchipa. Wachinayiyu akundidetsa nkhawa, chifukwa nditafufuza ndinapeza kuti mnyamata wa njinga wakhala akuuza anthu kuti angakambirane za mtengo ndi eni ake. Uthenga umene wantchito amanena pakhomo la kasitomala umaposa umene talemba pa thumba, choncho mawa m'mawa tikhala naye pansi.

Pali zinthu ziwiri zimene sizinathe. Choyamba ndi nyumba yogona alendo ija imene imabweretsa magawo 15 pa 100 ndipo yapemphanso kutsitsiridwa mtengo. Ndalangiza eni ake kuti asavomere, komanso kuti asalole kasitomala mmodzi aliyense kupitirira magawo 20, koma sitingaitaye masaluni atsopano asanafike pa asanu ndi atatu, chifukwa apo m'pamene ndalama zawo zidzakwanire kutseka mpatawo. Chachiwiri ndi makina oumitsira achiwiri. Ndi makasitomala khumi amene tili nawo tsopano, makina amodziwa akugwira ntchito pafupifupi tsiku lonse Lolemba, ndipo akawonongeka tsiku limodzi lonjezo lathu lidzasweka kwa onse nthawi imodzi. Ndawauza eni ake kuti tisalandire saluni ina mpaka nditawerengeranso zotsala za gulu lililonse, ulendo uno pa ola la makina oumitsira, ndipo kuyambira Lolemba ositawo ayamba kulemba nthawi imene mtolo uliwonse walowa ndi kutuluka m'makinawo.